Mmene mungasankhire inshuwalansi ya zaumoyo ku America poyang'ana malire a ndalama zotuluka m'thumba

Ku America, ambiri posankha inshuwalansi ya zaumoyo amathamangira yotsika mtengo pamwezi. Koma nambala imene imasonyeza mmene mungalirire chaka chikavuta ndi ija yolembedwa kuti "out-of-pocket limit". Awa ndi malire a ndalama zomwe mungalipire nokha pa chithandizo m'chaka chimodzi. Mukafika pamenepo, kampani imalipira zonse zotsala mpaka chaka cha pulaniyo chithe. Mu 2025, lamulo silinkalola kuti malirewa apitirire madola 9,200 kwa munthu mmodzi, kapena 18,400 pa banja, pa mapulani a pa HealthCare.gov, webusaiti ya boma yogulirapo inshuwalansi.

Choyamba, tsegulani chikalata cha "Summary of Benefits and Coverage" cha mapulani awiri amene mukufuna kuwayerekeza. Nambala ya malire ija ili patsamba loyamba.

Kenako chulukitsani malipiro a pamwezi ka 12, muphatikize ndi malire aja. Zimene mwapezazo ndiye mtengo wa chaka choipitsitsa. Malipiro a pamwezi sawerengedwa m'malirewo, n'chifukwa chake mukuwaphatikiza nokha.

Tiyerekeze kuti pulani yoyamba ndi ya madola 280 pamwezi, malire ake 9,000, pomwe yachiwiri ndi ya 420 pamwezi, malire ake 5,000. Mukakhala osadwala chaka chonse, yoyamba ikudyerani 3,360, yachiwiri 5,040, ndiye kuti yotchipayo yakusungirani 1,680. Tsono mwachitidwa opaleshoni, bilu yakwana 30,000. Pa pulani yoyamba mumayamba mwalipira nokha 6,000 kampani isanaikepo kanthu (ndiyo "deductible" imeneyo), kenako 40 peresenti ya 24,000 yotsalayo, yomwe ndi 9,600. Zikanakwana 15,600, koma malire akuimitsani pa 9,000, ndipo chaka chonse mwawononga 12,360. Pa yachiwiri mulipira 1,500, kenako 20 peresenti ya 28,500, yomwe ndi 5,700. Malire akuimitsani pa 5,000, chaka chonse 10,040. Yooneka yodula ija yakupulumutsirani 2,320.

Chachitatu, dzifunseni moona mtima ngati 9,000 mungaipeze mwadzidzidzi osalowa m'ngongole. Ngati muli oyembekezera, mumamwa mankhwala odula mwezi uliwonse, kapena adokotala anena kale za opaleshoni, ine ndingakulangizeni kutenga ya malire otsika. Wathanzi amene ali ndi kangachepe kubanki akhoza kutenga yotchipa.

Musanasaine, onani ngati chipatala ndi dokotala wanu ali pa mndandanda wa "in-network", kutanthauza zipatala ndi madokotala amene anachita mgwirizano ndi kampaniyo. Apa mpomwe ambiri amapsa. Ndalama zolipira kwa dokotala wakunja kwa mndandandawo kawirikawiri siziwerengedwa m'malire aja, chimodzimodzinso chithandizo chomwe pulaniyo siyilipira n'komwe. Onaninso tsiku lomwe chaka cha pulani chimayambira, chifukwa kuwerenga kumayambiranso pa ziro. Wogonekedwa m'chipatala kumapeto kwa Disembala n'kutuluka mu Januwale akhoza kulipira malirewo kawiri.