Mukamagula nyumba ku Joni: momwe mungasungitsire dipoziti mu akaunti ya thirasiti

Kugula nyumba kuno ku Johannesburg sikuli ngati kugula galimoto, komwe mumapereka ndalama n'kutenga makiyi tsiku lomwelo. Kuchokera tsiku losayina mgwirizano kufika tsiku limene dzina lanu lilembedwa ku Deeds Office, ofesi ya boma yolembetsa umwini wa malo ndi nyumba, kawirikawiri pamadutsa miyezi iwiri kapena itatu. Nthawi yonseyi nyumba idakali ya wogulitsa. Nanga dipoziti yanu ikhale m'manja mwa ndani?

Isakhale mwa wogulitsa. Imakhala pakati, mwa munthu wachitatu amene saloledwa kuigwiritsa ntchito mpaka zomwe munagwirizana zitakwaniritsidwa. M'maiko ena amati akaunti ya esikoro. Kuno mumva akunena kuti akaunti ya thirasiti, ndipo mwini wake amakhala loya wosintha umwini wa nyumba kapena kampani ya maejenti ogulitsa nyumba. Lamulo la maloya la 2014, mu gawo 86, limalamula loya aliyense wolandira ndalama za anthu kukhala ndi akaunti yotereyi, yosiyana ndi ya bizinesi yake. Gawo 88 likuti ndalama za mmenemo si chuma cha loyayo: ngakhale ofesi yake itagwa ndi ngongole, omukongoza sangazilande. Maejenti nawo ali ndi lamulo lawo la 2019, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 1 February 2022. Ife timalangiza kusungitsa kwa loya, popeza ndiye adzayendetse mapepala mpaka kumapeto.

Tiyerekeze kuti mwapeza nyumba ku Rosettenville ya R900 000. Muli ndi R90 000 ya dipoziti, ndipo R810 000 yotsalayo mukupempha bondi ku banki, yomwe ndi ngongole yogulira nyumba.

Choyamba ndi mgwirizano wogulitsirana. Malinga ndi lamulo la 1981, kugulitsana malo kapena nyumba kuyenera kulembedwa ndi kusayinidwa; zongolankhulana pakamwa sizigwira ntchito, ngakhale wogulitsayo akhale wakumudzi kwanu kapena wa mumpingo mwanu. Musanasayine, yang'anani zinthu zitatu pa ndime ya dipoziti. Dzina la ofesi ya loya yomwe isunge ndalama lilembedwe. Palembedwenso kuti ndalamazo zidzaperekedwa kwa wogulitsa pokhapokha umwini utasinthidwa. Ndipo pakhale ndime yoti mgwirizano wonse ukudalira kuti banki ivomere bondi ya R810 000 pofika tsiku lakutilakuti. Ndime yachitatuyi ndiyo idzakubwezereni ndalama zanu banki ikakana, choncho musalole kuti ichotsedwe pofuna kuoneka wogula wamphamvu.

Mwa chizolowezi, loya amasankhidwa ndi wogulitsa ngakhale amene mumamulipira ndinu. Ndiye mufufuzeni nokha. Bungwe loyang'anira maloya la Legal Practice Council lingakutsimikizireni ngati ali m'kaundula komanso ngati ali ndi satifiketi yotchedwa Fidelity Fund Certificate ya chaka chomwecho, chifukwa imatha mphamvu pa 31 December. Ngati ndalama zikupita kwa ejenti, satifiketi yake imachokera ku bungwe la PPRA, lomwe limayang'anira maejenti. Wopanda satifiketi musamupatse ngakhale randi imodzi. Ofesi ya loya nayo idzafuna pasipoti kapena chiphaso chanu, umboni wa komwe mumakhala ndi nambala ya msonkho, ndipo angafunse komwe ndalamazo zachokera. Si nkhanza kwa mlendo ayi. Lamulo la FICA, lolimbana ndi kuzembetsa ndalama zopezeka mwachinyengo, limafuna zimenezi kwa aliyense.

Tsopano kulipira, pomwe pamafunika maso kwambiri. Akuba amalowa mu imelo ya wogula, ya ejenti kapena ya ofesi ya loya, n'kumadikira. Kalata yonena nambala ya akaunti ikangotuluka, iwo amasintha nambalayo, china chilichonse n'kuchisiya momwe chinalili. Nthawi zina amatumiza uthenga wachiwiri woti "tasintha banki, lipirani lero". Mu 2019 mayi wina wogula nyumba mumzinda uno anataya R5,5 miliyoni mwa njira imeneyi. Atasumira ofesi ya maloya yomwe inkayendetsa malondawo, bwalo lalikulu la ku Johannesburg linamukomera mu 2023, koma mu 2024 bwalo lalikulu la apilo linatembenuza chigamulocho, ponena kuti iye akanatha kutsimikizira nambalayo asanalipire.

Chitani chonchi. Pitani nokha ku ofesi ya loya mukatenge nambala ya akaunti pamaso, kapena imbani foni pa nambala yomwe mwaipeza kwina, osati ya mu imelo yomweyo. Pemphani banki yanu itsimikize kuti nambalayo ndi ya dzina la ofesiyo. Mukhozanso kuyamba mwatumiza R100, ndipo ofesi ikavomereza kuti yafika mutumize yotsalayo ku nambala yomwe mwasunga kaleyo. Polipira, lembani nambala ya fayilo yomwe ofesiyo yakupatsani, kenako tengani risiti yosonyeza kuti ndalama zalowa mu thirasiti. Ndalama zikapita kwa akuba, ndiye kuti mu thirasiti simunalowe kanthu, ndipo chitetezo chonse tikunenachi sichikukhudzani.

Pali pepala lina lomwe ambiri amaliiwala. Mukangosungitsa osanena kanthu, chiwongoladzanja cha ndalamazo chimapita ku thumba la chitetezo la maloya, Legal Practitioners' Fidelity Fund. Kuti chikhale chanu, sayinani chilolezo choti loya aziike mu akaunti yapadera pansi pa gawo 86(4). Pamenepo thumbalo limangodulapo 5 peresenti ya chiwongoladzanjacho. Banki itati ikupereka 6 peresenti pachaka, R90 000 ingabale R1 350 pa miyezi itatu. Thumba litenga R67,50, inu n'kutsala ndi R1 282,50, ofesi isanachotsepo kangachepe ngati chilolezocho chikutero.

Kenako ndi kudikira. Banki imapereka chitsimikizo cholembedwa cha R810 000, wogulitsa amalipira ngongole zake ku khonsolo ya mzinda kuti satifiketi yosonyeza kuti alibe ngongole ituluke, ndipo mapepala amakaperekedwa ku Deeds Office. Satifiketi ya khonsoloyi ndiyo imakonda kuchedwetsa zinthu, ndipo apa wogulitsa angabwere kudzapempha kuti mulole loya atapeko pa dipoziti kuti alipirire ngongoleyo. Loya sangatero popanda inu kusayina. Ganizani kawiri, chifukwa ndalama yomwe yatuluka mu thirasiti yasanduka ngongole wamba, ndipo malonda akalephereka mudzachita kulondola wogulitsayo nokha.

Tsiku lomwe umwini walembedwa m'dzina lanu, loya amaphatikiza R90 000 ndi ndalama za banki, amatseka bondi yakale ya wogulitsa, amalipira komishoni ya ejenti, n'kupereka zotsala kwa wogulitsa. Inu mumalandira chiwongoladzanja chanu ndi chikalata chowerengera ndalama zonse.

Banki ikakana bondi, tsiku lomwe munalemba mu mgwirizano n'kudutsa bondi isanavomerezedwe, mgwirizano umafa wokha ndipo dipoziti imabwerera yonse ndi chiwongoladzanja chake. Sungani kalata yokanayo ngati umboni. Koma mukangosintha maganizo bondi itavomerezedwa, mwaphwanya mgwirizano, ndipo mapangano ambiri amalola wogulitsa kutenga dipoziti ngati chipukutamisozi, ngakhale khoti lingathe kuchepetsa ngati chaposa zomwe iye wataya. Mukamakanganirana ndalamazo, kawirikawiri loya amazigwira kufikira mutagwirizana polemba kapena khoti litagamula.

Nanga wakuba akakhala loya mwini? Apa ndi pomwe thumba la chitetezo lija limabwezera. Koma muyenera kulidziwitsa polemba, pamodzi ndi Legal Practice Council, pasanathe miyezi itatu kuchokera pomwe mwadziwa za kubako, ndipo adzafuna umboni woti ndalamazo munazipereka kwa loyayo kuti azisunge: mgwirizano, umboni wa ku banki ndi risiti ija.