Momwe mungalembere kalata yopempha kuti akuchotsereni chindapusa banki ikachedwetsa ndalama za ngongole

Ndimabweza ngongole ya K85,000 pamwezi ku bungwe lina lobwereketsa ndalama kuno ku Nchalo, ndipo banki ndiyo imadula pa akaunti yanga pa 28 n'kuwatumizira. Mu Febuluwale ndalama zinadulidwa, uthenga unafika pafoni, koma kwa eni ngongole sizinafike. Zinabwerera mu akaunti pa 6 Malichi, apo n'kuti atandilembera kale chindapusa cha K12,750. Anandichotsera, koma pa kalata yachiwiri.

Choyamba, lipirani gawo la mwezi umenewo tsiku lomwelo mwazindikira, musadikire yankho. Kawirikawiri chindapusa chimakula ndi masiku, komanso munthu amene walipira kale amamumvera msanga. Lisiti sungani.

Kenako pitani ku banki, ndipo apa ndi pamene ine ndinapunthwa. Ndinatenga sitetimenti yachidindo, n'kupempha kalata yotsimikiza zomwe zinachitika. Anandilembera mzere umodzi wokha wakuti kutumiza ndalama kunalephereka. Ndinanyamuka wokondwa, padzuwa la ku Chigwa kuno, osawerenga bwino. Mayi woyang'anira ngongole ku bungwe lobwereketsa lija atayiona anaiika pa tebulo n'kunena kuti, "Bambo, kulephereka kumachitikanso ndalama zikachepa mu akaunti. Apa palibe pamene banki ikuvomera kuti yalakwa." Ananena zoona. Sabata ziwiri zinathera pamenepo.

Ndiye musachoke pakauntala kalatayo isanatchule zinthu zinayi: tsiku limene ndalama zinadulidwa, kuchuluka kwake pamodzi ndi nambala ya kutumizako, mawu akuti mu akaunti munali ndalama zokwanira, ndi mawu akuti vuto linali la makina kapena antchito a banki. Wa pakauntala sangasaine zotere, pemphani kuonana ndi bwana wa nthambi. Pa sitetimenti lembani mzere pansi pa malo awiri, pomwe zinatuluka ndi pomwe zinabwerera. Sitetimenti imalipiritsa, choncho pemphani ya masiku okhawo, osati ya chaka chonse. Uthenga wa pafoni pawokha obwereketsa sanauvomere.

Chenjerani ndi anyamata ena a m'malo otayipira amene amati akukonzerani kalata ya banki ndi chidindo chomwe pa mtengo wochepa. Obwereketsa amaimba foni ku nthambi kufunsa, ndipo mukapezeka ndi kalata yabodza nkhani imasanduka ya ku polisi. Chimodzimodzi wantchito wa obwereketsa woyendera m'midzi amene akuti mum'patse kangachepe afufute chindapusa: alibe mphamvu zimenezo.

Kalata yanu ikhale tsamba limodzi, yopita kwa woyang'anira nthambi ya bungwe lobwereketsa. Pamwamba pakhale dzina, nambala ya ngongole ndi tsiku. Yanga inali motere:

"Ndikupempha kuti mundichotsere chindapusa cha K12,750 chimene chaikidwa pa ngongole yanga chifukwa cha gawo la Febuluwale. Banki inadula K85,000 pa 28 Febuluwale, tsiku loyenera, koma chifukwa cha vuto la ku banki komweko ndalamazo sizinafike kwa inu, ndipo zinabwerera pa 6 Malichi. Ndinalipira pa 7 Malichi. Ndaphatikiza kalata ya banki, sitetimenti ndi lisiti. Miyezi 9 yapitayi sindinachedwepo. Ndikupemphanso kuti chiwongoladzanja chilichonse chimene chabadwa pa chindapusachi chichotsedwe, kuti kuchedwaku kusatumizidwe ku mabungwe osunga mbiri ya okongola, komanso kuti mundiyankhe polemba pasanathe masiku 14."

Mfundo ya mbiri ya okongola musaisiye. Kwa ine ndi yaikulu kuposa K12,750, chifukwa dzina likada kumeneko ngongole ya feteleza kapena ya fizi chaka chamawa imavuta. Za matenda, maliro kapena madzi osefukira musalembemo ngati si zimene zinachedwetsa ndalama, zimangosokoneza nkhani. Komanso musawopseze. Pangano limene munasaina nthawi zambiri limati kufikitsa ndalama pa tsiku lake ndi udindo wanu, ndiye mukupempha. Akakana, chindapusacho mukachifune ku banki imene inalakwa.

Chitani fotokope zonse, mapepala enieni akhale kunyumba. Kaperekeni pamanja, akudindireni tsiku pa kope yanu. Amene mukuchokera kutali, monga ku Makhanga kapena ku Marka, imbani kaye foni mudziwe ngati bwana alipo, musawononge ndalama ya bwato ndi kabaza. Masiku 14 akatha imbani, chifukwa nthambi zina zimatumiza nkhani zotere ku likulu. Banki ikakana kulemba kalata, lembani dandaulo ku nthambi yomweyo, zikakanika mupite nalo ku Reserve Bank of Malawi, komwe amalandira madandaulo a makasitomala. Obwereketsa akakuchotserani, pemphani sitetimenti yatsopano ya ngongole muone ngati chindapusa chachokadi.