Ndondomeko ya lipoti la magetsi a dzuwa pa chipatala chaching'ono

"Ndikulemba lipoti la mapulani a magetsi a dzuwa pa chipatala chaching'ono. Kodi nditsate ndondomeko yotani?"

Yambani ndi kulemba chipangizo chilichonse, mphamvu yake ndiponso maola amene chimagwira ntchito, kenako muwonkhetse. Tinene kuti mababu 10 a mawati 10 amayaka maola 8, zomwe zikupereka 800 Wh, kutanthauza mawati kuchulukitsa ndi maola, firiji ya katemera ikudya 600 Wh, ndipo zipangizo zina 600 Wh. Pa tsiku ndi 2,000 Wh. Firiji muyiike pa chingwe chakechake, chifukwa katemera akawonongeka ndi kutentha sabwezeretseka.

Mukatero werengerani mabatire. Kuti magetsi akhalepo masiku 2 a mitambo, mabatire a mtovu osatsika kupitirira theka, pafunika 8,000 Wh, ndiko kuti pafupifupi 335 Ah pa mavoti 24; Ah ndi muyeso wa magetsi amene batire imasunga, ndipo timaupeza pogawa Wh ndi mavoti. Dzuwa lamphamvu likamawala maola 5, mphamvu yotayika ikakhala 30 peresenti, mapanelo akhale a mawati 600, ndipo muwonjezereko kuti mabatire azidzaza msanga mitambo ikachoka.

Pomaliza jambulani chitetezo: fyuzi pafupi kwambiri ndi batire, chotchinga mphezi, waya wolowa m'nthaka, komanso chozimitsa magetsi batire ikatsika.