Malangizo a Mchere kwa Abambo Amene Ayamba Masewera Olimbitsa Thupi

Malangizowa ndi a abambo a zaka 40 kupita m'tsogolo amene ayamba kuthamanga kapena kuyenda ndawala m'misewu ya m'minda ya tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo. A ku Zambia, pamene talemba usipa werengani kapenta.

Musanayambe

Pitani kuchipatala akakuyezeni kuthamanga kwa magazi, komwe ambiri amangoti bipi. Mukhale pansi mphindi 5 musanayezedwe, ndipo musayezetse mutangotsika panjinga kapena mutangomwa tiyi. Makina akasonyeza 140/90 kapena kuposa pamasiku awiri osiyana, ndiye kuti bipi yanu ndi yokwera, ngakhale mutu usakupwetekeni. Ikafika 180/110, masewera ayambe aima mpaka adokotala atakuonani.

Muyeso wa mchere

Bungwe loona za umoyo padziko lonse limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku. Imeneyi ndi supuni yaing'ono ya tiyi imodzi yosasefukira, ndipo ndi ya tsiku lonse: wa mundiwo, wa mubuledi, ndi wowaza pa tchipisi ndi kanyenya pachiwaya. Mchere ukachuluka, thupi limasunga madzi, magazi amachuluka m'mitsempha, mtima n'kumapopa movutikira.

Abambo ambiri akayamba masewera amati, "Ndatuluka thukuta, ndibwezere mchere." Musatero. Thukuta limatulutsadi mchere, koma kwa munthu woyenda ndawala mphindi 30 kapena ola limodzi, ndiwo za tsikulo zimabwezera zonse. Imwani madzi wamba basi. Madzi a mchere ndi shuga aja ndi a wodwala m'mimba, ndipo zakumwa za ochita masewera n'za amene akhetsa thukuta maola angapo, monga okwera phiri la Mulanje m'mwezi wa Okutobala.

Kuyeza supuni pa mphika uliwonse n'kovuta, choncho yezani paketi. Tinene kuti pakhomo mulipo anthu 5, ndipo mayi agula paketi ya magalamu 500. Aliyense atadya magalamu 5, ndi magalamu 25 patsiku, paketi n'kutha pa masiku 20. Koma ana safunika kufika muyeso wa akulu, komanso buledi ndi nsomba zouma zimabwera ndi mchere wake kale. Ndiye paketiyo iyenera kupitirira mwezi. Lembani tsiku limene mwaitsegula. Ikatha pa masabata awiri, aliyense akudya magalamu 7 ochokera m'paketi mokha. Gwirizanani ndi mayi kuti achepetse pang'onopang'ono, ndipo mbale ya mchere ichoke pamene mukudyera. Masiku oyamba ndiwo zidzamveka zosakolera, koma lilime limazolowera pakapita masabata ochepa. Anyezi, tomato, adyo, mandimu ndi tsabola wa kambuzi zimathandiza. Mchere wochepawo ukhale wa ayodini.

Pa zakudya za m'mapaketi kawirikawiri amalemba sodiyamu, amene ndi gawo limodzi la mchere, osati mchere weniweniwo. Chulukitsani nambalayo ndi 2.5. Ngati supu waufa ali ndi mamiligalamu 800 a sodiyamu pa mbale imodzi, ndi magalamu 2 a mchere, pafupifupi theka la tsiku lanu. Soda yogula yothira mu therere nayonso ndi sodiyamu, ngakhale sikoma ngati mchere. Bakayawo ndi nsomba zina zamchere muziviike m'madzi, mutaye madziwo, ndipo pophika osathiranso mchere. Usipa ulaweni kaye usanathiridwe mchere.

Choika m'mbale

Potaziyamu amathandiza impso kutulutsa sodiyamu, ndipo kuno sasowa: nthochi za ku Thyolo, mapeyala, mbatata, nandolo, nyemba, chisoso ndi nkhwani. Masamba adzaze theka la mbale. Ufa wa mapuloteni wogula simuufuna. Mazira, nyemba ndi nsomba zikwanira.

Chenjezo kwa amene ali pa mankhwala

Musasiye mapiritsi chifukwa mwayamba masewera. Kuchepetsa mchere kumatsitsa nambala yapamwamba ya bipi ndi pafupifupi 5, kotero bambo wa 165 sangafike pabwino ndi zakudya zokha. Ngati mumamwa mapiritsi okodzetsa ndipo mukumva chizungulire poimirira kapena kukokana kwa minofu, kaneneni kuchipatala, osadziwonjezera mchere nokha. Amene ali ndi vuto la impso kapena amamwa mankhwala a bipi a enalapulilu asagule mchere wa potaziyamu asanafunse adokotala. Miyendo ikaphwanya, pewani bufeni ndi daikolofenaki, chifukwa amakweza bipi.

Ponyamula zitsulo musagwire mpweya, tulutsani pokweza. Mukamva kupweteka pachifuwa, kubanika, dzanzi mbali imodzi kapena lilime kulemera, siyani pomwepo ndipo wina akuperekezeni kuchipatala.