Momwe mungalembere pempho la chithunzi cha zaumoyo kuti makina asalikane molakwika

Mlangizi wa zaumoyo amene akukonza positala ya kusikelo yolimbikitsa kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6 yoyamba, akhoza kudabwa makina a pa intaneti opanga zithunzi kuchokera ku mawu olembedwa atamukanira pempho lake ngati kuti wapempha zolaula. Chimene chimachititsa n'chakuti sefa ya makinawa, imene imatsekereza zosayenera, siidziwa cholinga cha munthu, imangoyang'ana mawu ndi maonekedwe. Mwachitsanzo, m'chaka cha 2023 pulogalamu yopanga zithunzi yotchedwa Midjourney inkakana ngakhale mawu a kuchipatala monga `placenta` ndi `cervix`. Njira yabwino ndi kufotokoza momveka bwino chimene mukufunadi, mpaka makinawo asakhalenso ndi mpata wokumvani molakwika.

Poyamba dziwani kuti pempho lanu lakanidwa pati, chifukwa masefa nthawi zambiri amakhala awiri. Yoyamba imawerenga mawu amene mwalemba ndipo imakana nthawi yomweyo, chithunzi chisanayambe n'kujambulidwa komwe. Yachiwiri imayang'ana chithunzi chimene chapangidwa, kotero mumadikira kaye kenaka n'kuuzidwa kuti sichionetsedwa. Pa Bing Image Creator, uthenga wakuti `Content warning` umasonyeza vuto la mawu, pamene `Unsafe image content detected` umasonyeza vuto la chithunzi. Ngati vuto lili pa mawu, musinthe mawuwo, koma ngati lili pa chithunzi, ndiye kuti munasiyira makina ufulu wambiri wosankha zovala ndi mbali yojambulira.

Tiyerekeze kuti mlangiziyo analemba motere:

```
African mother with exposed breast feeding her naked newborn, close-up photo
```

Pempholi lili ndi zinthu zitatu zodzutsa sefa: bere loonekera, khanda losavala, ndiponso chithunzi chapafupi chooneka ngati chojambulidwa ndi kamera. Chachikulu mwa zitatuzi ndi khanda losavala, pakuti makampani onse amakhwimitsa kwambiri malamulo okhudza ana, ndipo pamenepa akuchita bwino. Mawu amenewo achotseni ndithu, musawafunire ena ofanana nawo.

Kenaka dzifunseni kuti positalayo ikuphunzitsa chiyani. Ngati ikuonetsa kanyamulidwe ka mwana poyamwitsa, chofunika kuoneka ndi mutu ndi thupi la mwana zili mowongoka, mwanayo atayang'anizana ndi mayi ake ndiponso atagwiriziridwa thupi lonse. Zonsezi zimaoneka bwinobwino mayi atavala bulauzi, mwana atafundidwa chitenje. Lembani zimenezo, mutchule malo, mutchulenso mtundu wa chithunzi:

```
Health education poster illustration: a Malawian mother in a blouse and
chitenje wrap, seated on a clinic bench, nursing her baby who is wrapped
in a cloth. Baby's head and body in a straight line. Flat drawing style.
```

Mawu oyambirira akuuza makina kuti ichi n'chophunzitsira, zovala zatchulidwa kuti makina asadzisankhire okha, ndipo chojambula chapamanja sichikayikiridwa msanga ngati chithunzi chooneka chenicheni. Mawu akuti `nursing` alowa m'malo mwa aja otchula bere, koma tanthauzo ndi lomwe lija ndipo palibe chimene chabisidwa.

Likakanidwabe, musangolitumiza mobwerezabwereza, chifukwa makampani ena amaimitsa akaunti imene mapempho ake akukanidwa kawirikawiri. Yambirani pa chiganizo chachifupi, monga mayi atanyamula mwana kuchipatala, ndipo muziwonjezera mfundo imodzi imodzi kufikira mutapeza mawu amene akuyambitsa vuto. Pamene pali batani lodandaulira kuti sefa yalakwitsa, ligwiritseni ntchito.

Za mbiri yakale zimayenda chimodzimodzi, kungoti mumasankha mphindi ina ya nkhani yomweyo. Mphunzitsi wofuna chithunzi cha kuukira kwa John Chilembwe kwa mu Januwale 1915 angakanidwe akatchula magazi ndi kudulidwa mutu kwa William Jervis Livingstone ku Magomero, koma angapemphe anthu atasonkhana usiku pabwalo la tchalitchi cha njerwa ku Chiradzulu, atavala zovala za nthawiyo. Ana asukulu angaphunzire zambiri pa chithunzi chotero, ndipo zotsalazo mphunzitsi azifotokoza ndi pakamwa.

Pali malire amene sindikufuna kuti muwadumphe. Kulemba mawu molakwitsa dala kapena kunamiza makina kuti atulutse chimene malamulo ake amaletsa, sikukonza pempho ayi, ndi kuphwanya mgwirizano umene munavomera. Komanso ngati phunziro likufuna kuonetsa mmene kamwa la mwana limagwirira bere, makinawa sangadaliridwe ngakhale atavomera, popeza amalakwitsa zala, milomo ndi kaumbidwe ka thupi. Pamenepo pemphani zithunzi zovomerezeka za Unduna wa Zaumoyo kapena za UNICEF, ndipo chilichonse chimene makina ajambula chionedwe kaye ndi namwino musanachipachike pakhoma.