Momwe mungapendekere mapanelo a sola ngati muli pafupi ndi ikweta

Mukayang'ana zithunzi za pa makatoni a mapanelo a sola, muona ataimikidwa mopendekeka kwambiri, madigiri 30 kapena 40. Kaimikidwe kameneko nkoyenera maiko akutali ndi ikweta, komwe dzuwa limayenda m'munsi chaka chonse. Kwa amene ali pafupi ndi ikweta, kumene dzuwa la masana limafika paliwombo, kutengera zithunzizo kumangotayitsa magetsi. Kumeneku panelo imafunika kugona pafupifupi chagada, koma osagoneratu, ndipo nambala yoti musunge m'mutu ndi madigiri 10.

Yambani ndi kudziwa latitudi ya malo anu, ndiko kuti mwatalikira madigiri angati ndi ikweta, komanso ngati muli kumpoto kapena kummwera kwake. Pa mapu a mufoni, mukadina ndi kugwira pamalo pomwe pali nyumba yanu, pamatuluka manambala awiri. Yoyambayo ndiyo latitudi, ndipo ikayamba ndi kamzere kochotsera ndiye kuti muli kummwera. Mzinda wa Nairobi uli pa digiri imodzi ndi pang'ono kummwera, Singapore ili pa digiri imodzi ndi pang'ono kumpoto, pamene Kampala ndi Quito ili pafupifupi pamzere penipeni.

Lamulo lodziwika ndi lakuti panelo iyang'ane ku ikweta ndipo ipendekeke madigiri ofanana ndi latitudi. Wa kummwera kwa ikweta ayang'anitse kumpoto, wa kumpoto ayang'anitse kummwera. Chifukwa chake nchakuti dzuwa silidutsa njira imodzi chaka chonse. Cha pa 21 Juni limakhala litapita kumpoto ndi madigiri 23.4, cha pa 21 Disembala limakhala litapita kummwera ndi madigiri omwewo, ndipo limaoloka ikweta mu Malichi ndi mu Seputembala. Tiyeni titenge nyumba ya pa madigiri 5 kummwera. Masana a mu Juni dzuwa limapatuka paliwombo ndi madigiri 28.4 kulowera kumpoto, koma mu Disembala limapatuka ndi madigiri 18.4 kulowera kummwera. Pakatikati pa njira ziwirizi ndi madigiri 5 chakumpoto, ndipo kumeneko ndiko panelo iyenera kuloza kuti isakondere nyengo imodzi.

Apa ndi pomwe lamuloli liyenera kupindidwa. Panelo yopendekeka madigiri 5 okha, kapena yogoneratu, siyitaya bwino madzi. Mvula ikagwa, madzi amaima m'mphepete mwa felemu yam'munsi, akauma amasiya mzere wa matope, ndipo mzerewo umakula mpaka kuphimba maselo a m'munsi. Maselo a m'panelo amalumikizidwa motsatizana, choncho ochepa akaphimbidwa amabweza mphamvu ya anzawo ambiri, monga paipi yofinyidwa pamalo amodzi imachepetsera madzi a mzere wonse. Ndiye ngakhale latitudi yanu ikhale 0 kapena 3, musatsike pa madigiri 10. Kumalo a fumbi lambiri kapena mbalame zambiri, 15 ndi yabwinoko.

Kodi kuwonjezera madigiri chonchi sikukutayitsani magetsi? Kukutayitsani, koma pang'ono zedi. Kuwala komwe panelo imalandira kumachepa motsatira `cos` ya madigiri omwe yaphonya dzuwa, nambala yomwe mungaipeze pa kalikuleta. Ikaphonya ndi madigiri 5 imalandirabe 99.6 peresenti, ikaphonya ndi 10 imalandira 98.5, ndi 15 imalandira 96.6, koma ikaphonya ndi 30 imatsikira pa 86.6. Mukuona kuti poyamba kutayako nkosaoneka, kenako kumakula msanga. Pa nyumba yathu ija, kuika madigiri 10 mmalo mwa 5 kumadya zosakwana peresenti imodzi pa chaka. Tiyerekeze kuti mapanelo anayi a mawati 400 akanapereka 2,400 kWh pa chaka: mwataya zosafika 24 kWh, pamene matope a m'munsi aja akhoza kudya zoposa pamenepo. Koma mukawaimika madigiri 35 ngati a pakatoni, mwataya cha m'ma gawo limodzi mwa magawo khumi, chaka ndi chaka.

Chotsatira ndi mbali yoyang'anitsa. Kunena zoona, panelo yogona madigiri 10 imaona pafupifupi thambo lonse, choncho mbali siivuta ngati momwe anthu amaiwopera. Pa madigiri 5 kummwera, kuyang'anitsa kummawa kapena kumadzulo mmalo mwa kumpoto kumachotsa peresenti imodzi kapena ziwiri, ndipo ngakhale kufulatira ikweta kumachotsa ziwiri kapena zitatu basi. Chimene chingasinthe chisankho chanu ndi mitambo. Madera ambiri otentha kumacha kuli ngwee, mitambo nkuyamba kusonkhana dzuwa likapendeka. Ngati kwanu kumatero, kummawa kumaposa kumadzulo, ndiponso mmawa mapanelo amakhala asanatenthe, ndipo panelo yozizira imapereka mphamvu zambiri kuposa yotentha. Kwa amene ali paikweta penipeni, funso ndi lakuti miyezi yowala kwambiri ndi iti. Ngati ndi ya pakati pa Epulo ndi Ogasiti, dzuwa limakhala kumpoto; ngati ndi ya pakati pa Okutobala ndi Febuluwale, limakhala kummwera.

Zimenezi simuyenera kungoganizira. Pa `PVGIS`, tsamba laulere la European Commission, sankhani malo anu pamapu, lembani 10 pa `Slope`, komwe ndi kupendekeka, kenako muzisintha `Azimuth`, yomwe ndi mbali yoyang'anitsa, nkumayerekeza magetsi a chaka chonse. Chenjerani ndi kawerengedwe kake, chifukwa kumeneko 0 ndi kummwera, -90 ndi kummawa, 90 ndi kumadzulo, ndipo kumpoto ndi 180. Mukachonga `Optimize slope and azimuth` lidzakupatsani madigiri omwe likuona kuti ndi opambana, koma silidziwa za fumbi la padenga lanu, ndiye likanena 3 inu mukhalebe pa 10.

Tsopano pezani kumpoto kwenikweni. Kampasi, ya m'manja kapena ya mufoni, imasokonezeka ikayandikira malata ndi zitsulo, ndipo kumpoto kwake kumasiyana pang'ono ndi kwenikweni. Kudalira mthunzi wa masana nakonso nkovuta pafupi ndi ikweta, poti umakhala waufupi kwambiri ndipo umasintha mbali malinga ndi mwezi. Njira yodalirika ndi iyi. Zikani ndodo yowongoka ya mita imodzi pamalo osalala. Cha m'ma 9 koloko mmawa ikani kamwala pomwe mthunzi wathera, mangani chingwe patsinde la ndodoyo, nkujambula bwalo lodutsa pakamwalapo. Mthunzi udzafupika nkuyambanso kutalika, ndipo madzulo ukakhudzanso bwalo lija ikanipo kamwala kena. Mzere wolumikiza timiyala tiwiriti ndi wa kummawa ndi kumadzulo. Wodutsa pamenepo mopingasa ndi wa kumpoto ndi kummwera. Mukaphonya ndi madigiri 10 kapena 15 musagwetse felemu, simudzaona kusiyana kwake pa mita ya magetsi.

Musanawotcheretse felemu, yezani denga lomwe, mwina lili kale bwino. Gunditsani nsonga imodzi ya thabwa la mita imodzi padenga, liwongoleni ndi levulo, ndipo yezani kuchokera kunsonga inayo kutsika mpaka pamalata. Masentimita 18 ndi madigiri 10, masentimita 27 ndi madigiri 15, masentimita 36 ndi madigiri 20, masentimita 58 ndi madigiri 30. Denga la pakati pa madigiri 10 ndi 20 ingolitsatani, kaya layang'ana kuti, kusiya mpata wa masentimita 10 kapena kuposerapo pansi pa mapanelo kuti mphepo izidutsa. Felemu yotukula mapanelo padenga lotere imawonjezera mtengo ndi malo ogwira mphepo yamkuntho, phindu lake losaoneka. Denga likafika madigiri 25 kapena 30, mbali imayamba kukhala ndi kanthu, ndipo pamenepo sankhani yoyang'ana ku ikweta, kapena ya kummawa ngati kulibe.

Padenga lafulati kapena pansi, kutalika kwa miyendo yakumbuyo kumapezeka motere:

```
H = L × sin(A)
```

`L` ndi utali wa panelo kuchokera m'munsi kufika kumtunda, `A` ndi madigiri, ndipo `H` ndi momwe kumbuyo kuyenera kuposera kutsogolo. Pa madigiri 10, `sin` ndi 0.174. Panelo ya mita 1.7 yoimikidwa m'litali ikwezedwe masentimita 30 kumbuyo. Mukaigoneka m'mbali, mulifupi mwake muli mita 1.1, ndi masentimita 19. Pa madigiri 15, `sin` ndi 0.259, ndipo panelo ya mita 1.7 ija ikwezedwe masentimita 44. Ngati kalikuleta ya mufoni ikukupatsani nambala yachilendo, onani kuti ili pa `Deg` osati `Rad`.

Mizere ya mapanelo ikakhala iwiri, wakutsogolo usaphimbe wakumbuyo. Pa nyumba yathu ija, m'mphepete mokwera masentimita 30 mumaponya mthunzi wa masentimita 16 masana a mu Juni, ndi cha m'ma 22 nthawi ya 9 koloko mmawa. Mpata wa theka la mita, womwe mukufunikanso poyendamo potsuka, ndi wokwanira. Mthunzi woopsa pafupi ndi ikweta umachokera kummawa ndi kumadzulo: mtengo, thanki ya madzi, khoma la nyumba yoyandikana. Kwerani padenga mmawa ndi madzulo mukaone nokha, ndipo kumbukirani kuti chinthu cha kummwera chomwe sichikuvuta mu Juni chikhoza kuphimba mapanelo mu Disembala.

Mapanelo akagawidwa mbali ziwiri za denga, ena kummawa ena kumadzulo, musawalumikize motsatizana pa mzere umodzi, chifukwa a mbali yopanda dzuwa adzabweza anzawo. Mbali iliyonse ikhale ndi mzere wake, makamaka polowera pake pa `MPPT`, gawo la inveta kapena chaja lomwe limafinya mphamvu yochuluka kuchokera ku mapanelo. Chizindikiro cha kulakwitsa kumeneku ndi magetsi omwe amakhala ofooka mmawa ndi madzulo, nkumangokwera masana okha.

Za kusintha madigiri nyengo ndi nyengo, pafupi ndi ikweta phindu lake ndi maperesenti ochepa, ndipo pamafunika felemu yotembenukira mbali zonse ziwiri. Kwa ine, kuwonjezera panelo imodzi nkwanzeru kuposa kumasula mabawuti kawiri pa chaka. Amene ayenera kuganiza mosiyana ndi wodalira mabatire okha, wopanda magetsi a kampani. Iyeyo chomuvuta si chiwerengero cha chaka koma mwezi woperewera kwambiri, ndiye pa `PVGIS` ayang'ane magetsi a mwezi ndi mwezi, apeze mwezi wotsikitsitsa, nkupendekera mapanelo madigiri 15 kumbali yomwe dzuwa limakhala mwezi umenewo.