Mafunso a intavyu ndi pepala la mamakisi

Mukafuna kalaliki wa sitolo kuno ku Mzuzu, lembani mafunso musanaone makalata a ofunsira ntchito. Mukayamba ndi makalata, mafunso amatsata munthu amene mwamukonda kale.

Mafunso asanu akwana, ndipo aliyense afunsidwe omwewo, mundondomeko yomweyo. Funso loti "Tiuzeni za inu" silithandiza kusiyanitsa anthu. Funsani chonchi: "Buku likuti matumba a simenti alipo 40, mwawerenga mwapeza 37. Mutani?"

Pansi pa funsolo lembani tanthauzo la mamakisi. Wonena kuti angosintha nambala m'bukumo apatsidwe 1. Woti akauza bwana nthawi yomweyo, 3. Woti awerenganso, aona malisiti a katundu wolowa ndi wotuluka, kenako akanena polemba, ndiye 5.

Wofunsa aliyense alembe mamakisi payekha musanakambirane, apo ayi onse amangotsatira wamkulu wa gulu. Wina akapereka 2 mnzake 5, bwererani ku mawu enieni amene munthuyo anayankha; n'chifukwa chake pepalalo likhale ndi mpata wolembapo yankho. Ine mzere wa "maonekedwe" ndimauchotsa, pokhala kuti suti siwerenga simenti. Za kwawo, mpingo kapena banja musafunse n'komwe.